Shuga, saladi kapena mpunga: chomanga m'timapaketi chosiya phindu ndi chiti?

Anzanga a tuntemba, amene mukufunsa kuti ndi kapito yochepa muyambe kumanga chiti, ine ndimati yambani ndi shuga, saladi, mafuta ophikira aja, abwere pambuyo, mpunga mudikire nyengo yake. Chifukwa chake chili pa katundu amene amatayika pomanga, osati pa mtengo wa ku holoselo.

Choyamba tigwirizane kawerengedwe. Kasitomala wa mu komboni amabwera ndi K5 m'manja, sasintha, ndipo nkhani ya K5.50 imangobweretsa mkangano wa chenji. Ndiye mtengo usiyeni pomwepo, chimene mumasintha ndi kukula kwa paketi. Ngati mufuna kuti pa K5 iliyonse K1 ikhale yanu, ndiye kuti paketi imodzi isakudyereni kupitirira K4, kuphatikiza thiransipoti ndi mapulasitiki. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza, inu muike ya tsiku limene mwaoda.

Tinene belo ya shuga ya 20kg mwaoda K560, wa njinga kuchoka ku Down Shops ku Chipata mwamupatsa K20, mapulasitiki K20, zonse K600. Gawani 600 ndi 4, mupeza kuti mufunika mapaketi 150. Manje 20kg kugawa ndi 150 ndi magalamu 133, ndiye mangani 130 kuti kotsalako kakwirire kamene kagwa pa tebulo. Mukagulitsa onse ndi K750, yanu K150. Ubwino wa shuga ndi woti zimene zalembedwa pa belo ndi zimene mumanga, bola mupime ndi sikelo ija ya mabatire. Kapu ndiyo imapha anthu, chifukwa dzanja likatopa kapu imadzaza mpaka kutumphuka, ndipo magalamu 10 chabe opitirira pa paketi iliyonse ndi kilo imodzi ndi hafu pa belo yonse, ndiye mapaketi 11 apita, K55 pa K150 ija. Adani ena a shuga ndi nyerere ndi chinyezi cha nthawi ya mvula, shuga amagwirana mibulu, choncho musaike belo pansi pa simenti, ndipo musamange yonse tsiku limodzi. Musaiyanikenso padzuwa pa kauntala, shuga wa kuno ku Zambia amaikamo vitamini A ndipo kuwala kumaiwononga.

Saladi amayenda mwachangu kuposa shuga, palibe nyumba yokazinga ndiwo popanda iye, koma ndi wakuba mwakachetechete. Chigubu cha malita 20 tinene K800, ndi thiransipoti ndi mapulasitiki K850. Pa pepala munthu amati mapaketi 200 a 100ml pa K5 ndi K1,000, phindu K150, n'kuyamba kusekerera. Koma mafuta amatsalira m'mbali mwa chigubu, pa fanelo, m'kapu yopimira, kapulasitiki kena kaphulika pomanga mfundo, ndiye ine ndimawerengera malita 19 basi. Amenewo ndi mapaketi 190, K950, kuchotsa K850 yatsala K100, osati K150 imene mumaganiza. Kuti K1 ija ibwerere pa paketi iliyonse mufunika mapaketi pafupifupi 212, kutanthauza kuti muzimanga 90ml osati 100. Kusiyana kwa 10ml ndi masupuni awiri a tiyi, ndi maso simungakuone, ndiye pezani kabotolo muikepo chizindikiro pa 90 ndipo aliyense wothandiza kumanga, kaya ndi mwana wanu, azipimira komweko. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mafuta ena amalimba ndi kuzizira, ochuluka amakanirira pansi, chigubucho chiikeni m'beseni la madzi ofunda musanayambe, ndipo pomaliza chisiyeni chozondoka usiku wonse chikhe. Chigubu chopanda kanthu chimagulitsikanso kwa otungira madzi, kandalamako kaikeni pambali, musakawerengere mu phindu.

Mpunga ulibe zambiri. Wa ku Chama umakoma ndipo anthu amaufuna, koma mukaugula utangokololedwa usanaume bwino umapepuka uli m'nyumba, kenako mukapeta n'kuchotsa timiyala ndi mankhusu thumba latsikanso, ukakhalitsa anankafumbwe alowa. Ndiye petani kaye, pimani zotsalazo, kenako muwerengere mapaketi monga tachitira pa shuga. Ndipo suyenda tsiku lililonse ngati ziwiri zinazi, umathamanga kumapeto kwa mwezi ndi pa Khisimisi, kapito yochepa imagona m'thumba.

Chinthu chimodzi chimene chimandipweteka ndikachiona kwa amayi anzanga ku Kapata ku Chipata ndi kumangabe saizi yakale pamene ku holoselo mtengo wakwera. Belo ija ikachoka pa K560 kufika K620, zonse zakhala K660, mapaketi afunika 165, ndiye paketi itsike kufika magalamu 120 tsiku lomwelo mwamva mtengo watsopano, ngakhale shuga ali m'nyumba ndi wa mtengo wakale, chifukwa ndalama yake ndi imene mukaodere belo yotsatira. Makasitomala auzeni chilungamo kuti yachepa. Paketi ikachepa mpaka kuchititsa manyazi, mangani masaizi awiri, ya K5 ndi ya K10.