Wotchi yowerenga kugunda kwa mtima: mtima imaudziwa, koma makalori imangoyerekeza

Wotchi iyi ndaigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo tsopano, pothamanga komanso ponyamula zitsulo. Batire lake limakhalitsa, lamba wake sapweteka. Pa kugunda kwa mtima ndilibe nayo mlandu, chifukwa ndikagwira mtsempha wa pakhosi n'kuwerenga ndekha, nambala zimagwirizana ndi zake. Koma ambiri akugula mawotchi otere kuti adziwe makalori amene awotcha, kutanthauza mphamvu zimene thupi lagwiritsa ntchito, ndipo apa m'pamene ndikufuna kuwachenjeza.

Wotchi siyeza makalori ayi. Kunsi kwake kuli timagetsi tobiriwira tomwe timawalitsa pakhungu, ndipo mtima ukagunda magazi amachuluka m'mitsempha n'kumeza kuwala kochulukirapo. Izi zokha ndi zomwe imaona. Kenako imatenga nambala ya kugunda kwa mtimayo n'kuiphatikiza ndi zaka, msinkhu, kulemera kwanu komanso ngati ndinu mwamuna kapena mkazi, n'kuwerengetsera. Akatswiri akafuna kudziwa zenizeni amamuveka munthu chophimba kukamwa ndi mphuno, n'kuyeza mpweya wa okosijeni umene thupi lagwiritsa ntchito. Lita imodzi ya okosijeniyo ndi makalori pafupifupi 5. Wotchi imangoganiza kuti mtima ukathamanga ndiye kuti minofu ikudya okosijeni wambiri, zomwe zimakhala zoona nthawi zina zokha.

Pali njira yosavuta yoiyesera. Munthu wothamanga pamalo osakwera amawotcha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita iliyonse. Ine ndimalemera makilogalamu 70, ndiye makilomita 5 ayenera kunditengera makalori pafupifupi 350. Ndikathamanga m'mawa kukuzizira, wotchi imandipatsa nambala yoyandikira pamenepo, mwina 380. Koma njira yomweyo, liwiro lomwelo, ndikathamanga masana kukutentha, imadumphira kupitirira 450. Kodi makalori owonjezerawo achokera kuti? Thupi likatenthedwa limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti lizizire, thukuta limachepetsa madzi m'magazi, ndipo mtima umayenera kugunda mofulumira kuti ugwire ntchito yomwe ija. Chizindikiro chake mumachiona pagalasi: liwiro silinasinthe koma mtima ukungokwerakwera pang'onopang'ono. Wotchi imaona ngati mwalimbikira, pomwe miyendo yagwira ntchito yofanana ndi ya m'mawa.

Ponyamula zitsulo ndiye zimasokonekeratu. Munthu ukamakankha chitsulo cholemera umabanika mpweya, mtima n'kukwera kwambiri, ndipo umakhalabe pamwamba ngakhale utakhala pansi kupuma. Mphindi zopumazo wotchi imaziwerengera ngati ukuthamanga. Komanso ukafinya chitsulo dzanja limapindika, lamba n'kusuntha, ndiye ngakhale mtima weniweniwo imauwerenga molakwika. Khofi, nkhawa ndi kusagona nazonso zimakweza mtima popanda ntchito iliyonse, pomwe mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amautsitsa, ndiye wotchi imawerengera munthuyo makalori ochepa kuposa enieni.

Vutoli si la wotchi yanga yokha. Mu 2017 ofufuza a ku yunivesite ya Stanford ku America anayesa zida 7 zovala pamkono pa anthu 60. Zida 6 zinawerenga kugunda kwa mtima molakwitsa ndi zosakwana 5 peresenti, koma pa makalori ngakhale chimene chinachita bwino kuposa zonse chinkaphonya ndi 27 peresenti, ndipo chotsalira kwambiri ndi 93 peresenti.

Chinanso chimene chimandikhumudwitsa n'chakuti wotchiyi sifotokoza bwino nambala ziwiri zimene imaonetsa, Active ndi Total. Ya Total imaphatikiza makalori amene mukanawotchabe mutangokhala pampando, omwe kwa munthu wa makilogalamu 70 ndi pafupifupi 70 pa ola. Amene masewerawo awonjezera ndi a Active. Munthu wofuna kuchepetsa thupi akaona nambala yaikuluyo n'kunena kuti lero ndidye mowonjezera makalori 450, akhoza kubweza m'thupi oposa amene watulutsa, masabata n'kumatha sikelo osasuntha. Zimenezi zimagwetsa ulesi anthu amene akuyesetsadi, ndipo zimandimvetsa chisoni.

Kodi ndingakulimbikitseni kugula? Inde, ngati mukufuna kuona mtima, mtunda ndi nthawi. Muimange mothina pang'ono, kumtunda kwa kafupa ka padzanja, ndipo kulemera kwanu kukasintha muzikusinthanso mu pulogalamu yake, chifukwa masamu ake onse amadalira nambala imeneyo. Makalori ake ndimawagwiritsa ntchito poyerekeza masiku othamanga ofanana m'nyengo yofanana basi. Pokonza za kadyedwe ndimadalira sikelo, ndikuyang'ana mmene yayendera pa masabata angapo.