Kalendala ya Juliyasi ndi ya Gregore: ndi iti imayenda bwino ndi dzuwa?

Anzanga a kuno ku Joni akhala akundifunsa chifukwa chimene amalonda a ku Itiyopiya a mumsewu wa Jeppe amachitira Khirisimasi pa 7 Januwale, ife titatha kale yathu. Gwero la nkhaniyi ndi tsiku lija limene timawonjezera pa Febuluwale.

Nyengo zimabwereranso pamene zinayambira pakatha masiku 365, maola 5, mphindi 48 ndi masekondi pafupifupi 45. Maola otsalawo akamatayidwa chaka ndi chaka, kalendala imatsogola ndi masiku 24 pa zaka 100, ndipo pakatha zaka pafupifupi 750 mvula yobzalira chimanga kumudzi ingamagwe mu Juni. Njira yotaya maola imeneyi sindiiwerengera n'komwe.

Njira ya Juliyasi Kaisara, imene inayamba mu 45 BC, ndi yosavuta: chaka chachinayi chilichonse chikhale ndi masiku 366. Kalendala ya ku Itiyopiya imatsatanso lamulo lomweli, koma iwo tsikulo amaliika pa mwezi wawo wa 13. Vuto la njira ya Juliyasi ndi lakuti maola otsala aja imawatenga ngati 6 enieni, motero chaka chake chimatalika ndi mphindi 11. Mphindizi zimaoneka zochepa, koma pa zaka 128 zimakwana tsiku lathunthu, ndipo pofika mu 1582 tsiku limene usana umalingana ndi usiku linali litachoka pa 21 Malichi n'kufika pa 11 Malichi, zimene zinkasokoneza kawerengedwe ka Pasaka. Ndivomereze kuti lamuloli ndili nalo mangawa. Kusukulu anangotiphunzitsa kugawa chaka ndi 4, ndipo ine ndinalimbikira pamaso pa mwana wanga kuti 1900 inali ndi 29 Febuluwale, popeza 1900 kugawa ndi 4 ndi 475 popanda chotsala. Mwanayo ndiye anakhoza, ine ndinachita manyazi.

Papa Gregore XIII anakonza zinthu ziwiri. Anachotsa masiku 10, moti Lachinayi pa 4 Okutobala 1582 linatsatidwa ndi Lachisanu pa 15 Okutobala. Analamulanso kuti chaka chothera ndi 00 chizilandira tsiku lowonjezera pokhapokha ngati chikugawika ndi 400. Choncho 1700, 1800 ndi 1900 sizinalandire, pamene 2000 inalandira. Pa zaka 400 zilizonse masiku owonjezera amakhala 97 m'malo mwa 100, ndipo cholakwika chimene chimatsala chimakwana tsiku limodzi pakatha zaka zoposa 3,000.

Masiku 10 aja kuphatikiza atatu a zaka zitatuzo ndi 13, n'chifukwa chake 25 Disembala ya Juliyasi lero imagwa pa 7 Januwale yathu. Ya Juliyasi imapambana pa kuphweka kokha, koma pa kuyenda limodzi ndi dzuwa ine ndili kumbali ya Gregore. Mu 2100 ife sitidzakhala ndi 29 Febuluwale pamene ya Juliyasi idzakhala nalo, ndipo kusiyanako kudzafika pa masiku 14.