Patha miyezi 14 ndi masipika aja: kuthetheka kunachokera kuti?

"Achimwene, masipika munkawayamikira aja akadali bwino? Anga akumathetheka ndikakweza voliyumu. Wina akuti koni yang'ambika, wina akuti ampulifaya ikufa. Ndimvere ndani?"

Akadalipo achimwene, ndipo akulira tsiku lililonse. Ndi masipika awiri a maomu 8, iliyonse ili ndi sipika ya besi ya mainchesi 8 ndi katwita, kasipika kakang'ono ka mawu okwera, pamwamba, ndipo amakokedwa ndi ampulifaya yapayokha ya mawati 50 mbali iliyonse. Miyezi 9 yoyamba sanandivutitse ngakhale pang'ono. Kenako tsiku lina madzulo, gitala ya besi itatsika pansi, ndinamva ya kumanzere ikuchita "khrrr", ngati njuchi yatsekeredwa m'chitini. Nditatsitsa voliyumu, zii. Nditakweza kupitirira theka, yabweranso.

Mtima unandipweteka, ndipo maganizo anga anathamangira ku ampulifaya, poti ndinaigula yogwirapo kale ntchito. Ndinatsala pang'ono kuinyamula kupita nayo kwa okonza. Chomwe chinandipulumutsa ndi kachinthu kosafuna chida chilichonse, komwe ndikufuna inunso muyambire: kusinthanitsa mawaya.

Ndinazimitsa ampulifaya kaye. Osadumpha zimenezi, chifukwa nsonga ziwiri za waya zikakhudzana ampulifaya ili yoyaka, mutha kuotcha matiranzisita ake, vuto lomwe munalibe n'kulipeza. Kenako kumbuyo kwake ndinamasula waya wa bokosi la kumanzere pa L n'kuumanga pa R, wa bokosi la kumanja n'kuuika pa L. Mabokosiwo sindinawasunthe. Ndinayatsa, n'kuika nyimbo yomwe ija, pamalo omwe aja, voliyumu yomwe ija. Bokosi la kumanzere linathethekanso, ngakhale tsopano linkalandira mawu kuchokera mbali ina ya ampulifaya. La kumanja, lomwe linali pa mbali imene ndinkaikayikira, linkaimba bwinobwino osasasa n'komwe mawu. Apa ampulifaya inapezeka yosalakwa. Phokoso likanasamukira ku bokosi la kumanja, nkhani ikanakhala ina: vuto likanakhala mu ampulifaya kapena m'chomwe chimaipatsa nyimbo, ndipo ndikanasinthanitsanso mawaya olowa kuti ndidziwe kuti ndi chiti mwa ziwirizi.

Panatsala wina mmodzi wokayikitsa, waya weniweniwo. Ndinaupatsa bokosi linalo, osamva kanthu. Basi, matenda anali m'bokosi.

Nditachotsa nsalu yakutsogolo, koni, pepala lija lomwe limanjenjemera potulutsa mawu, inkaoneka yabwinobwino. Apa ndi pomwe ambiri amanyengeka. Mng'alu wa papepala la koni umatsekeka sipika ikakhala chete, ndipo pa voliyumu yotsika koni imasuntha pang'ono kwambiri moti milomo ya mng'aluwo imayendera limodzi. Besi ikakula, koni imapita kutsogolo ndi kumbuyo mamilimita angapo, milomo ija n'kuyamba kumenyana. N'chifukwa chake phokosolo limadikira kuti mukweze.

Kuti ndilipeze, ndinagwiritsa ntchito kapulogalamu ka pafoni kotulutsa liwu limodzi lokha. Ndinayambira pa 40 Hz n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka 200 Hz, voliyumu ili yapakatikati, chifukwa liwu losalekeza lotere limatenthetsa koyilo, kawaya kokulungidwa kuseri kwa koni, kuposa nyimbo. Chapakati pa 70 ndi 90 Hz njuchi ija inadzuka, kupitirira apo n'kugonanso. Chinthu chong'ambika kapena chomasuka chimatero, chimakhala ndi mawu ake omwe chimanjenjemera nawo. Ndikuyendetsa chala mopepuka m'mphepete mwa koni liwu likulira, ndinafika pena cham'munsi pomwe phokoso linangoti duu. Nditachotsa chala, linayambiranso.

Ndinamasula zomangira, n'kutulutsa sipika m'bokosi, n'kuwalitsa tochi kumbuyo kwake m'chipinda chamdima. Kamzere ka kuwala, kotalika ngati masentimita 2, kanaonekera pafupi ndi pomwe pepala limakumana ndi mphira wa m'mphepete, kopyapyala ngati tsitsi.

Ndisanamate, ndinafuna kutsimikiza kuti koyilo ili moyo, chifukwa koyilo yopsa kapena yopindika imalira mofanana kwambiri ndi koni yong'ambika, koma guluu sangaichiritse. Ndinaika zala mozungulira kachipewa ka pakati, osati pamwamba pake, n'kukankha mofanana mbali zonse. Inalowa ndi kutuluka mwa myaa, popanda kukhula. Mukamva ngati mchenga ukukhudzana ndi chitsulo, koyilo ikukhula maginito, ndipo pamenepo pafunika kusintha koni ndi koyilo kapena sipika yonse. Mita yoyezera magetsi inawerenga maomu 6 ndi kadontho, zomwe ndi zoyenera: sipika yolembedwa 8 imaonetsa pakati pa 5 ndi 7 ikayezedwa chonchi.

Ndinamata ndi guluu woyera wa matabwa wosungunula ndi madzi pang'ono, ndi kachigamba ka pepala lopyapyala kumbuyo ndi kutsogolo, n'kusiya maola 24. Guluu wouma msanga uja musamuyandikize, amauma gwa ngati galasi ndipo pepala limadzang'ambikanso pambali pake.

Tsopano za ampulifaya, poti yanu mwina ndi imeneyo. Kuthetheka kwake sikusankha liwu. Kumamveka ngati nkhuni zikuthetheka pamoto, nthawi zina ngakhale nyimbo itaima, ndipo kawirikawiri kumabwera chipangizo chikatentha, patapita theka la ola kapena kuposerapo. Mukagogoda pang'ono pachivundikiro phokoso n'kusintha, ganizirani za mtovu womatira womwe wasweka mkati. Likamabwera pokhapokha mukupotokola kabatani ka voliyumu, ndi litsiro m'kati mwa kabataniko. Yanga inayamba kuchita zimenezi mwezi wa 12, ndipo mankhwala opopera otsukira zamagetsi anathetsa. Ngati muli ndi mita, zimitsani ampulifaya, chotsani masipika, tsitsani voliyumu mpaka pansi, iyatseninso, ikani mita pa DC, muyeze potulukira mawu. Mamilivoti osapitirira 50 ndi abwino. Ikaonetsa mazanamazana, kapena voti yathunthu, musalumikizenso sipika, ingapse. Kutsegula mkati asiyireni odziwa, chifukwa makapasita akuluakulu amasunga magetsi ngakhale mutazula pakhoma.

Pali chinanso chomwe si kuwonongeka konse. Masipika onse awiri akamasasa mawu nthawi imodzi, pa ng'oma zamphamvu zokha, n'kuyera mukangotsitsa pang'ono, ndiye kuti ampulifaya yafika pomwe mphamvu zake zathera ndipo ikudula nsonga za mawu. Mukapitiriza choncho, matwita ndiwo amayamba kupsa.

Ngati yanu ndi sipika imodzi yokhala ndi ampulifaya mkati momwemo, kusinthanitsa kuja sikutheka. Dalirani liwu limodzi lija, chala ndi tochi.

Nanga chigamba chapirira? Patha miyezi 5 ndipo sichinasunthe. Sabata yatha ndinabwerezanso kuyesa kuyambira 40 mpaka 200 Hz, osamva njuchi. Ndikaika khutu pafupi sindisiyanitsa bokosi lomatidwa ndi linzake. Chomwe sindingabise n'chakuti pepala la makoni amenewa ndi lopyapyala kuposa momwe ndinkaganizira pogula, ndipo ndikukhulupirira kuti mng'aluwo unayamba tsiku lomwe ndinanyamula bokosi lopanda nsalu yakutsogolo, litatsamira pabondo. Kwa munthu wowakhazika pamalo amodzi ndingawayamikirebe ndi mtima wonse. Kwa wowanyamulanyamula, ayi, afune okhala ndi sefa yachitsulo kutsogolo. Inuyo sinthanitsani mawaya usiku uno, mundiuze bokosi lomwe lathetheka.