Nyemba, mazira kapena usipa: chomanga minofu ndi chiti thumba likakhala lopepuka?

Anyamata omwe timanyamula nawo zitsulo ku Chinamwali akhala akundifunsa nkhani ya zakudya ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Kaye masamu: munthu amene akunyamula zolemera ndipo akufuna minofu ikule amafunika mapulotini okwana magalamu 1.6 pa kilo iliyonse ya thupi lake patsiku. Ine ndimalemera makilo 65, ndiye kuti ndikusaka magalamu 104 tsiku lililonse, osati tsiku la jimu lokha ayi.

Mazira ndi amene aliyense amathamangira koma dzira limodzi lili ndi magalamu 6 basi. Kuti ndikwane 104 ndi mazira okha ndi mazira oposa 17 patsiku, thireyi ya 30 siitha masiku awiri, nanga bajeti yake iti imeneyo? Ubwino wake thupi limawagwiritsa ntchito pafupifupi onse komanso mphindi khumi apsa. Koma chonde zomwa aawisi zija siyani, dzira laliwisi thupi limangotengapo pafupifupi theka la mapulotini pomwe lophika limatenga pafupifupi onse, ndiye ukutaya ndalama uku ukuitana matenda otsegula m'mimba.

Nyemba ndiye zotchipa koma apa ndi pamene ambiri timadzinamiza. Magalamu 100 a nyemba zouma, kaya ndi kholophethe kaya nanyati, ali ndi mapulotini cha m'ma 21, koma zikapsa zimamwa madzi n'kufufuma kuposa kawiri, moti magalamu 100 a zophika ali ndi 8 kapena 9 basi. Kambale ka msuzi wambiri nyemba zikusambira kaja ka pamalo odyera musakawerengere kwenikweni. Kuti ndikwane ndi nyemba zokha ndi hafu kilo ya zouma patsiku, ndinayesako masiku atatu aise, mimba inangoti ndiii mpweya osatha, ku jimu ndimachita kuima pakhomo. Mapulotini a nyemba ndi operewera pang'ono paokha koma chomwe akusowa chimanga chili nacho, ndipo chomwe chimanga chikusowa nyemba zili nacho, ndiye nsima ya nyemba ija makolo sanalakwitse. Ziviikeni usiku wonse, madziwo tayani, zimapsa msanga ndipo mpweya umachepako. Komanso powerengera mtengo muziikamo makala, anthu amaiwala.

Tsono nsomba zing'onozing'ono, apa ndiye pagona nkhani. Usipa wouma bwino kapena matemba a ku Chilwa, magalamu 100 ali ndi mapulotini pafupifupi 60, katatu kuposa nyemba zouma, chifukwa madzi anachokamo kale. Magalamu 50 okha, kamulu kodzaza manja awiri, ndi chimodzimodzi mazira asanu, ndipo poti timadya ndi minga yomwe mafupa nawo amapindula. Ndiye mukafika mumsika wa Zomba kapena pa Mpondabwino musafunse kuti mulu ndi zingati n'kuthawa, funsani mtengo wa mazira asanu kenako muyerekeze ndi kamulu ka magalamu 50, nthawi zambiri nsomba imapambana, kupatula nyengo imene yasowa monga Chilwa akaphwa ngati 2018 muja matemba anachita kusowa.

Vuto lake ndi loti ukhoza kugula madzi ndi mchenga. Tsiku lina ndinagula kwa mayi wina mulu wooneka waukulu, kufika kunyumba kutsuka, pansi pa beseni mchenga wokhawokha, patatha masiku anayi yotsalayo yachita chuku. Panopa ndimatenga imodzi n'kuithyola, ikathyoka kuti thyo ndiye yauma, ikangopindika ndiye kuti ikadali ndi madzi ndipo 60 uja simumupeza. Inunkhizeninso, ya fungo la mafuta owola kapena yofumbutuka m'manja isiyeni. Kunyumba iviikeni m'madzi ofunda mphindi zochepa, tsukani kawiri, mitu ngati ikukuwawirani chotsani koma ine ndimadya yonse. Amene ali ndi BP asamale ndi yothira mchere, ndipo amene amatupa mfundo za zala ndi gauti nsomba zoterezi zimayambitsa ululu, achepetse.

Tsiku langa limayenda chonchi. M'mawa mazira awiri owiritsa, 12. Masana nyemba zomwe zinali magalamu 100 zisanaphikidwe, 21. Madzulo usipa magalamu 50 wa tomato, 30. Ufa wa mgaiwa wa phala ndi nsima ziwirizo, magalamu 300, umabweretsa cha m'ma 25, ndipo mtedza wokazinga magalamu 50 potsika ku jimu ndi 12. Zonse pamodzi 100, ndatsala ndi 4 yemwe amapezeka m'masamba otendera. Mwezi ukafika pakati ndalama zitathina choyamba kuchotsa ndi mazira, ndimangoonjezera usipa magalamu 20 kapena nandolo ikakhala nyengo yake.