Kudalira khoma kapena kudalira zimene zagulidwadi

Mnzanga wa pa Lizulu pano akafuna kugula crypto yambiri, monga USDT kapena BTC, amangoyang'ana order book, mndandanda wa maoda ogula ndi ogulitsa omwe akudikira, akaona khoma lalikulu la ogula, kutanthauza oda yaikulu yogula yoikidwa pansi pa mtengo womwe ulipo, basi amati mtengo sutsika, nkuika limit order yake, oda yogula pa mtengo wosankha yekha, pamwamba pang'ono pa khomalo. Ine njira imeneyi ndinaisiya. Khoma ndi malonjezo chabe, mwini wake atha kulichotsa nthawi iliyonse osalipira kanthu.

Yanga ndi yochedwa koma ndimayerekeza bukulo ndi mndandanda wa trades, zomwe zagulidwadi. Tinene khoma la 40 BTC pomwe mizere yoyandikana ili ndi 1 kapena 2. Ndimadikira mtengo ulifike. Likachepa kufika 30 ndipo mu trades mukuoneka 10 zagulitsidwa pa mtengo womwewo, limenelo ndi lenileni. Koma likangosowa lonse mu trades mulibe kanthu, kenako nkutulukiranso pansipo, aaa ameneyo akungoopseza, ngati wa tomato wokuuza kuti wina walipira kale.

Vuto la njira yangayi mtengo umatha kukuthawa ukudikira. Nde oda yaikulu ndimaigawa zinayi, yoyamba ilowe ndikuonerera.