Nkhope yanu pa sitika: Bitmoji, Memoji kapena kulondola chithunzi ndi chala?

M'magulu a WhatsApp a Amalawi kuno ku Joni, sitika ya katuni yokhala ndi nkhope ya mwini wake siyosowa. Koma yang'anitsitsani: zambiri sizifanana ndi eni ake. Zimakhala ngati msuweni wawo. Chifukwa chake chili m'kapangidwe, ndipo njira zitatu zimene anthu amadalira zimasiyana kwambiri pamenepa.

Tiyambe ndi Bitmoji, imene kampani ya Snapchat inagula mu 2016. Imagwira pa Android ndi pa iPhone pomwe, ndipo ndi yaulere. Mumajambula selefi, kenako mumakonza tsitsi, mphuno, nsidze ndi zovala. Mphindi khumi zimakwana, mukatero muli ndi masitika ochuluka oti simungawamalize. Vuto ndi lakuti pulogalamuyi sijambula nkhope yanu. Imatola ziwalo zimene ili nazo kale, n'kuzilumikiza. Ngati chokudziwitsani kwa anthu ndi mpata wa pamano, chipsera cha pachipumi kapena kamangidwe kanu ka duku, mudzapeza chongoyandikira basi. Komanso mawu a pamasitikawo ambiri ndi a Chingerezi, "Zikomo" simumupezamo. Pa Android masitikawo mumawapeza kudzera pa kiyibodi. Pa iPhone muyenera kuyatsa Allow Full Access pa kiyibodi ya Bitmoji, ndipo mumachita kukopera n'kumata m'macheza. Nthawi zina chimafika ngati chithunzi chokhala ndi bokosi loyera kumbuyo, osati sitika.

Memoji ndi ya iPhone ndi zipangizo zina za Apple zokha. Inabwera mu 2018, ndipo kuyambira pa iOS 13 nkhope imene mwapanga imasanduka masitika opezeka pa kiyibodi ya emoji. Mumaipanga posankha ziwalo nokha, ndipo khungu lili ndi kotsetsereka kosinthira kuda kwake, chinthu chothandiza kwa ife akhungu lakuda. Maonekedwe ake ndi aukhondo kuposa enawa, koma mitu yonse ndi yobulungira ngati ya chidole, moti anthu awiri ometa mpala amatuluka mapasa. Amene alibe iPhone ali ndi kanjira kachidule: pangani nkhope yanu pa foni ya mnzanu, akutumizireni masitikawo pa WhatsApp, inu mudine iliyonse n'kuisunga ku Favorites. Ipitiriza kugwira pa Android yanu, kungoti simungaisinthenso. A Samsung ali ndi yawo, Galaxy Avatar, imene kale inkatchedwa AR Emoji, yoyambira pa selefi, koma si foni iliyonse yotsika mtengo ya Galaxy imene ili nayo.

Njira yachitatu ndiyo ife timaikonda, ngakhale imadya madzulo athunthu: kulondola chithunzi chanu chenicheni mu ibisPaint X, pulogalamu yaulere yojambulira. Luso la ujambuli silofunika kwenikweni, chifukwa mukungotsata mizere imene ilipo kale. Chofunika ndi kudziwa miyeso. WhatsApp imafuna sitika ya mapikiselo 512 m'litali ndi 512 m'lifupi, ya mtundu wa WebP, yosapitirira 100 KB ngati siyenda. Phukusi limodzi limakhala ndi masitika osachepera 3, osapitirira 30.

Tinene kuti mayi wosunga ndalama za chipereganyu ku Mayfair akufuna masitika asanu ndi limodzi olembedwa "Ndalandira", "Zikomo", "Pepani", "Mwachedwa", "Asa!" ndi "Ndafika". Ajambulitse chithunzi chimodzi masana, atayang'ana kuwindo, kuwala kukugwera kumaso. Chithunzi cha usiku pansi pa babu chimameza malire a chibwano ndi khosi, ndiye palibe cholondola. Atsegule tsamba la 1024 kwa 1024, kuwirikiza kawiri muyeso wa sitika, alowetse chithunzicho ngati leya yapansi, poti maleya ndi timasamba toonekera tosanjikizana, n'kuchizimiritsa kufika pa 40%. Pulogalamuyi ikafunsa za Extract Line Drawing, akane. Imatola ndi makwinya ndi zithunzithunzi zomwe, nkhope n'kuoneka yokalamba.

Pa leya yatsopano pamwamba, alondole ndi burashi yonenepa mapikiselo 10 kapena 12, Stabilizer itayatsidwa kuti chala chisanjenjemere. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: amasankha mzere wa mapikiselo 3 chifukwa pa tsamba lalikulu umaoneka waudongo. Chithunzi chikachepetsedwa kufika pa 512, mzerewo umatsala theka, ndipo m'macheza sitika imangoposa pang'ono ndalama yachitsulo ya R5. Maso ndi pakamwa zimasowa. Alondole zochepa: mkombero wa mutu, duku, nsidze, maso, kunsi kwa mphuno ndi milomo. Chimene anthu amawadziwira, kaya ndi mpata wa pamano uja, achikulitse pang'ono. Kufanana kumachokera pamenepo, osati pa kuchuluka kwa mizere.

Utoto upite pa leya yakeyake pansi pa mizere. Khungu likwanira ndi mitundu iwiri, wapakati ndi wina woderapo wa pansi pa chibwano. Atole mtunduwo patsaya la pachithunzi, osati pachipumi pamene pakunyezimira, apo ayi katuni ituluka yotuwa. Utoto ukasefukira tsamba lonse, ndiye kuti penapake mzere sunatsekeke. Abwerere, atseke, athirenso. Mitundu yosasakaniza ili ndi ubwino wina: fayilo imakhala yaing'ono, pulogalamu yopangira phukusi siifinya mpaka kuchita chimbuuzi kuti ikwane mu 100 KB.

Mutu umodzi ukatheka, otsalawo ndi msanga. Akopere leya, afufute nsidze ndi pakamwa, ajambule zina. "Mwachedwa" amangofuna nsidze imodzi yokwera ndi milomo yotseka. Mawu akhale amodzi, a zilembo zonenepa. "Mwadzuka bwanji nonse" pa malo ochepa chotere sawerengeka.

Chinthu chimene sitingakhululukire ndi kusiya mkombero woyera. A WhatsApp amalangiza mzere woyera wa mapikiselo 8 kuzungulira chojambula, ndi malo opanda kanthu a mapikiselo 16 m'mphepete. Pa tsamba lathu la 1024 ndi 16 ndi 32. Mu ibisPaint X muli Stroke (Outer) yochitira zimenezi. Popanda mzerewo, tsitsi lakuda ndi khungu lakuda zimamira pa foni ya munthu amene anayatsa maonekedwe amdima, n'kutsala maso ndi mano okha. Yesani sitika yanu pa maonekedwe onse awiri musanaiponye m'gulu.

Pomaliza abise leya ya chithunzi chenicheni, asunge ndi Save as Transparent PNG, kenako alowetse mu Sticker.ly kapena pulogalamu ina yotere, imene imasandutsa yokha kukhala WebP. Ngati wojambula ndi mwana wanu pa foni ina, akutumizireni ngati Document. Akatumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachisandutsa JPEG, kumbuyo koonekera kuja n'kudzaza, sitika n'kutuluka ndi bokosi.

Nanga emoji yeniyeni, yokhala pakati pa mawu mu chiganizo? WhatsApp ilibe phukusi la zotere, ndi masitika basi. Telegram ndiyo ili nazo, za mapikiselo 100 kwa 100. Mumalembera loboti ya Telegram yotchedwa @Stickers lamulo ili:

```
/newemojipack
```

Kupanga ndi kwaulere, koma kuzigwiritsa ntchito m'macheza kumafuna Telegram Premium yolipira. Pa kukula kumeneko mawu achotseni onse ndi mapewa omwe, patsale mutu wokha, ndipo mizere ija ya 12 muikweze kufika cha m'ma 30.