Monita ya mainchesi 24: ndinatsala pang'ono kukaibweza, koma vuto linali langa

Ndagwiritsa ntchito monita imeneyi kwa miyezi itatu tsopano, ndipo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mukadandifunsa sabata yoyamba, ndikadaipatsa imodzi basi.

Ndinaigula chifukwa maso ankanditopa ndi kasikirini ka laputopu. Ntchito yanga ndi yowerengetsera ndalama, tsiku lonse ndimakhala pa Excel. Nditafika nayo kunyumba ndinailumikiza ndi chingwe cha HDMI, n'kuyaka bwinobwino. Zithunzi zinalibe vuto, koma zilembo zinkaoneka mwa chimbuuzi, ngati zolembedwa ndi inki papepala lonyowa. Nambala 3 ndi 8 ndinkachita kuzisuzumira. Ndinapukuta sikirini, ndinasintha kuwala, osathandiza. Mumtimamu ndinati andigulitsa yakutha.

Amene anandipulumutsa ndi mlamu wanga, yemwe amakonza makompyuta. Sanagwire n'komwe laputopu poyamba. Anadina batani la menyu pansi pa monitayo n'kupita pamene pamasonyeza chithunzi chimene ikulandira. Panalembedwa 1366 x 768. Kenako anandionetsa katoni, pomwe panalembedwa 1920 x 1080. "Alamu, mwaona? Mukuipatsa nsalu yaing'ono kuti iphimbe tebulo lalikulu. Ikuchita kukoka."

Mmene anandifotokozera ndi motere. Sikirini yamtunduwu ili ndi timadontho towala, mapikiselo, tomwe tinaikidwiratu kufakitale ndipo chiwerengero chake sichisintha: 1920 chopingasa, 1080 chotsika. Kompyuta ikatumiza chithunzi cha kukula komweko, dontho lililonse limagwera pamalo pake. Ikatumiza 1366 chopingasa, dontho limodzi limayenera kukwana malo a madontho 1.4. Poti dontho silidulika pakati, makinawo amasakaniza mtundu wake ndi wa loyandikana nalo. Mzere woonda wakuda wa chilembo ngati l, womwe umayenera kukhala dontho limodzi, umamwazikira pa madontho awiri otuwa. Pa chithunzi cha munthu kapena pa kanema simungazindikire msanga chifukwa mitundu imakhala yosakanikirana kale. Pa zilembo zakuda pamalo oyera, palibe pobisala.

Nanga 1366 x 768 inachokera kuti? Ndi kukula kwa sikirini ya laputopu yanga. Windows inali pa Duplicate, kutanthauza kuti masikirini onse awiri azionetsa chimodzimodzi, ndiye wamkulu anakakamizika kutsata wamng'ono.

Kukonza kwake sikunatenge mphindi ziwiri. Anadina Win + P n'kusankha Extend (Second screen only imagwiranso ntchito ngati simukufuna sikirini ya laputopuyo). Kenako analowa mu Settings > System > Display, n'kudina bokosi loimira monita yatsopanoyo. Apa musamale, chifukwa mukapanda kudina bokosilo musintha za laputopu. Pa Display resolution anasankha 1920 x 1080 (Recommended), n'kuvomereza pa Keep changes. Zilembo zinangoti mbee.

Koma zinachepa, ndipo ine dzanja linali litapita kale kuti nditsitsenso manambala aja. Anandigwira mkono. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa: akaona zilembo zazing'ono amatsitsa rezolushoni, chimbuuzi chija n'kubwerera. Chofunika kusintha ndi Scale, yomwe ili pamwamba pake pomwepo. Anaichotsa pa 100% n'kuiika pa 125%. Mukatero Windows imajambula zilembo zazikulu pogwiritsa ntchito madontho onse a sikiriniyo, osati kukoka chithunzi chaching'ono. Pulogalamu imodzi yakalekale yomwe ndimasungiramo malisiti imaonekabe mwa chimbuuzi pang'ono pa 125%, poti inapangidwa zoterezi zisanabwere, koma ilo si vuto la monita.

Anandichenjezanso kuti 1920 x 1080 ikapanda kuoneka pamndandanda, ndiyang'ane mu Device Manager pansi pa Display adapters. Pakalembedwa Microsoft Basic Display Adapter ndiye kuti dalaivala yeniyeni ya zithunzi sinaikidwe, zomwe zimachitika kawirikawiri kompyuta ikangoikidwa Windows yatsopano.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. M'katoni munabwera chingwe cha VGA chokha, cha HDMI ndinachita kugula padera. Tsiku lina ndinayesa cha VGA chija pa kompyuta ya mwana wanga, ndipo ngakhale manambala anali olondola, zilembo zinkachita ngati zili ndi mthunzi mpaka nditadina batani la Auto kuti monitayo idzikonze yokha. Chachiwiri, mwendo wake sukwera kapena kutsika, moti panopa yakhala pamwamba pa mabuku awiri akale a masamu.